Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Chigawo cha Kum'mawa: Mwana Wotupa Kuseri kwa Khutu Asabwezedwe Kumudzi

Bwana Mkulu,

Ndikukulemberani kuchokera kuno ku Mkaika, m'boma la Katete. Ndinagwira ntchito m'makiliniki a kumidzi mpaka ndinapuma, ndipo anansi anga amabwerabe pakhomo panga ndi ana awo kudzafunsa ngati vuto lingadikire mawa kapena ayi. Pali vuto limodzi limene ndimayankha kuti lisadikire n'komwe: mwana amene akutuluka mafinya m'khutu, kuseri kwa khutulo kutatupa, kutafiira ndipo kukupweteka. Pempho langa n'lakuti mulamule makiliniki onse a Katete, Sinda ndi Vubwi kuti mwana aliyense wobwera ndi vuto la khutu azigwidwa ndi chala kuseri kwa khutu, ndipo wopezeka ndi chotupacho azibayidwa jakisoni woyamba pomwepo n'kutumizidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Lamuloli si lachilendo kwa inu. Lili kale m'buku la IMCI, limene bungwe la WHO ndi la UNICEF anakonza m'zaka za m'ma 1990, ndipo anamwino ndi makilinikala ofisa athu amaliphunzira. Pa tsamba la khutu pali mafunso ochepa kwambiri. Kodi khutu likupweteka? Kodi likutuluka mafinya, ndipo kwa masiku angati? Kenako wogwira ntchito amayang'ana mafinyawo, n'kupapasa kuseri kwa khutu. Mafinya osakwana masiku 14 amachizidwa pakiliniki pomwepo ndi amokisilini wa masiku 5. Mafinya a masiku 14 kapena kupitirira amafuna kuumitsa khutu ndi mankhwala odontheza. Koma chotupa chopweteka kuseri kwa khutu chili mumzere wapamwamba, wa mtundu wa pinki, pamodzi ndi matenda ena ofuna kuthamanga nawo. Dzina lake m'bukumo ndi masitoiditisi. Chimene chimasiyanitsa mwana wobwerera kunyumba ndi botolo la mankhwala ndi mwana wokwera ambulansi ndi kupapasa kumeneko, kumene sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Ndiko kumene kumadumphidwa mzere wa odwala ukatalika.

Mundilole ndifotokoze chifukwa chake, poti kalatayi aiwerenganso makolo ndi a nyakwawa. Kuseri kwa kachikopa kamene timamvera kuli kachipinda kakang'ono kokhala ndi mpweya, ndipo kali ndi kanjira kotsikira kukhosi, kuseri kwa mphuno. Mwa mwana kanjirako n'kakafupi ndiponso kogona, motero chimfine chikamugwira tizilombo timakwera mosavuta. Kachipindako kamadzaza mafinya, mwana amatentha thupi n'kumalira akukoka khutu, ndipo kachikopa kaja kakaphulika mafinya amatuluka, ululu n'kuchepa. Ana ambiri amathera pomwepa. Koma fupa lija timaligwira kuseri kwa khutu si lolimba lonse. M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, ndipo timabowoto timalumikizana ndi kachipinda kaja. Mafinya akalowamo n'kutsekeredwa amayamba kudya timakoma ta fupalo n'kufunafuna potulukira. Akatulukira kunja, pansi pa khungu, ndiye chotupa chimene timaona. Akalowera m'kati amakumana ndi fupa lopyapyala kwambiri lolekanitsa khutu ndi ubongo. Pamenepo ndi pamene pamayambira matenda oumitsa khosi, chithupsa cha muubongo, ndi kuundana kwa magazi mumtsempha waukulu wodutsa kuseri kwa fupalo. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsanso m'fupa lomweli, n'chifukwa chake ana ena amapindika kamwa ndipo diso limodzi limakana kutseka.

Si chotupa chilichonse kuseri kwa khutu chimene chili matendawa, ndipo wogwira ntchito akapanda kudziwa kusiyanitsa, amatumiza onse kapena sawatumiza n'komwe. Ana athu ambiri amakhala ndi mwanabere pamalo omwewo chifukwa cha zipere kapena zilonda za m'mutu. Mwanabere amakhala kambulu kozungulira, kamene kamathawathawa pansi pa chala, ndipo khutu limakhala pamalo pake. Pa masitoiditisi chotupa chimamatirira pafupa, sichisuntha, khungu limatentha ndipo mwana amakuwa mukangokhudza. Mzere wopindika uja umene uli pakati pa khutu ndi mutu umafafanizika, ndipo khutu limakankhidwira kutsogolo ndi kunja. Njira yosavuta yoonera zimenezi ndiyo kuima kumbuyo kwa mwana n'kuyerekeza makutu awiriwo: limodzi lagona, lina laimirira. Pa khungu lathu lakuda kufiira nthawi zina sikuoneka bwino, makamaka m'chipinda chamdima, ndiye wodalira maso okha amaphonya. Chala ndicho chimamva kutentha ndi kufewa kwa mafinya amene ali pansi.

Ndikupatseni chitsanzo cha mwana wa mnansi wanga, mtsikana wa chaka ndi theka, wolemera makilogalamu 10 monga mmene khadi lake la sikelo linkasonyezera. Anayamba ndi chimfine, kenako khutu lakumanja linayamba kutuluka mafinya. Agogo ake anadonthezamo madzi a masamba n'kutsekapo ndi thonje, monga mmene ambiri amachitira kuno. Mafinya anachepa, banja linati wachira, koma thupi silinazizire ndipo mwana ankakana kugonera mbali imeneyo. Mayi ake anamubereka kupita naye kukiliniki ina, imene sindiitchula. Mwanayo anavala kachipewa kaubweya kophimba makutu. Anamuyeza malungo pachala, sanapezeke, ndipo mayi atanena za mafinya anapatsidwa amokisilini wamadzi ndi panado. Palibe anavula kachipewako. Patapita masiku awiri mayiyo anabwera naye kwa ine madzulo, ndipo nditavula chipewa khutu linali litaimirira, kuseri kwake kutatupa n'kumanyezimira. Mwana anali asanaume khosi, sanali kukomoka ndipo ankayamwabe, koma ankasanza. Tinapeza njinga yamoto usiku womwewo. Kuchipatala chachikulu anamuika pa mankhwala a mumtsempha, ndipo chotupa chitakana kutsika anamugoneka n'kung'amba pang'ono kuti mafinya atuluke. Lero akuyenda ndipo wayamba kuyankhula, ngakhale mayi ake amati mukamuitanira kumbali ya khutu lija amachedwa kucheuka.

Namwino amene anamuona sanali waulesi kapena wankhanza. Ndikudziwa mmene tsiku la sikelo limakhalira: amayi atadzaza khonde, wogwira ntchito mmodzi akuyeza, akulemba, akugawa mankhwala, ndipo m'chipinda china muli mayi wapakati amene nthawi yake yakwana. Koma taonani chimene chikanachitika kachipewako kakanavulidwa. Mwana wa makilogalamu 10 akanabayidwa pantchafu ampisilini wa mamiligalamu 500 ndi jentamaisini wa mamiligalamu 75, chifukwa muyezo wake ndi 50 ndi 7.5 pa kilogalamu iliyonse, kapena seftriakisoni ngati ndiye amene malangizo a unduna aika pa kilinikiyo. Akanamwetsedwa panado wa mamiligalamu pakati pa 100 ndi 150, mayi n'kuuzidwa kuti azimuyamwitsa m'njira monse, ndipo akanatenga kalata yonena mankhwala amene wabayidwa ndi ola lake. Zonsezi sizifuna makina kapena magetsi. Amokisilini wakumwa ndi mankhwala abwino pa khutu loyamba kumene, koma mafinya akatsekeredwa m'fupa sangawathe. Amangoziziritsa thupi pang'ono, banja n'kumayesa kuti zinthu zikuyenda, pamene fupa likudyeka.

Kotero chinthu choyamba chimene ndikupempha ndi chaching'ono ndipo sichifuna ndalama. Oyang'anira a m'maboma akamayendera makiliniki, asamangowerenga mabuku a kaundula. Akhale pansi m'chipinda choonera odwala, aone ndi maso awo ngati chipewa kapena mpango ukuvulidwa ndiponso ngati chala chikufika kuseri kwa makutu onse awiri. M'kaundula, pa mwana aliyense wa vuto la khutu, palembedwe kuti kuseri kwa khutu kwagwidwa ndipo kwapezeka chiyani. Munthu akadziwa kuti ayenera kulemba, amagwira. Ndipo jakisoni woyambayo akhale ndi malo akeake m'kabati, pamodzi ndi madzi osungunulira ndi masingano a ana, osagwiritsidwa ntchito pa zilonda ndi zifuwa wamba mpaka kutha. Ndinaonapo wogwira ntchito atazindikira bwino matenda koma n'kulemba kalata yokha chifukwa m'kabati munalibe kanthu. Makamaka m'makiliniki ang'onoang'ono, momwe nthawi zambiri mumatsala wothandiza zaumoyo wa m'mudzi yekha, pafunika kumveka bwino chimene iye aloledwa kuchita ndi nambala imene angaimbe.

Kalata yotumiza ikalembedwa, nkhondo ya mayi imayamba pamenepo. Boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, koma silinachotse mtunda. Amene tili pafupi ndi msewu waukulu wa Kum'mawa tili ndi mwayi, poti chipatala cha St Francis, chimene chakhala chikutumikira dera lino kuyambira 1948, sichili kutali. A ku Sinda ali ndi chipatala cha Nyanje. Koma ganizirani mayi wa kumidzi ya kumalire a Mozambiki, kapena wa kumapiri a Vubwi, m'mwezi wa Febuluwale, mitsinje itadzaza, chimanga chitatha m'nkhokwe, ndalama ya feteleza itapita kale. Ngolo imayenda pang'onopang'ono, wa njinga yamoto amafuna ndalama m'manja, ndipo bambo amati tidikire tigulitse mbuzi pa tsiku la msika. Mwana wotupa kuseri kwa khutu amaoneka ngati angadikire, chifukwa akuyamwa ndipo sakubanika. Ambulansi zathu zinazolowera kuthamangira amayi oyembekezera, ndipo n'koyenera kutero, koma woyankha foni akamva kuti ndi khutu amaliika kumapeto. Ndikupempha kuti mulembere maboma atatuwa momveka kuti masitoiditisi ili m'gulu loitanira ambulansi. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera a aphungu zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Mawu anu angathandize kuti makomiti a ku Mkaika ndi madera oyandikana nawo aziganizira mafuta onyamulira ana otere, osati njerwa zokha.

Kuchipatala chachikulu nakonso kuli pamene mwana angatayikire. Buku la WHO losamalira ana m'zipatala limanena kuti apatsidwe kloksasilini wa mumtsempha, mamiligalamu 50 pa kilogalamu maola 6 alionse, kapena seftriakisoni, ndipo mankhwala onse akwane masiku 10. Likunenanso kuti pakapita maola 48 popanda kusintha, kapena mwana akamaipiraipira, aonedwe ndi dotolo wa opaleshoni. Maola 48 amenewa ndiwo ndikufuna kuti alembedwe pamwamba pa fayilo ya mwana tsiku limene wagonekedwa, chifukwa m'wodi yodzaza masiku amadutsa mwana ali pa botolo, aliyense akuganiza kuti mnzake wamuona. Kung'amba chotupa chakunja kuti mafinya atuluke angathe dotolo aliyense wozolowera opaleshoni. Koma kutsegula fupa lenilenilo n'kukolopa timabowo todwala ndi ntchito ya katswiri wa makutu, mphuno ndi kukhosi, wokhala ndi makina oboolera ndi galasi lokulitsira zinthu, poti mtsempha wa nkhope uli pomwepo. Akatswiriwa ndi ochepa mu Afrika monse. Lipoti la WHO la mu 2021 lonena za kumva linapeza kuti m'mayiko opitirira theka a chigawo chino mulibe ngakhale katswiri mmodzi pa anthu miliyoni. Kwathu kuno ambiri ali ku Lusaka, ku UTH ndi ku Beit CURE, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete. Dotolo wachinyamata amene ali pa ntchito usiku ayenera kudziwa, popanda kufunsafunsa, kuti mwana wouma khosi, wogona tulo tosadzuka, wokomoka kapena wopindika kamwa amutumiza kuti, ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo aimbira yani. Zimenezi zili m'manja mwanu kuzikonza, ngakhale ndi foni yokha yotumizirana zithunzi za khutu.

Sindingasiye osanena za ana amene akutuluka mafinya miyezi ndi miyezi, chifukwa ena mwa otupawa amachokera m'gulu limeneli. Pitani pa sukulu iliyonse ya pulaimale kuno, mudzapeza mwana wokhala ndi kathonje m'khutu, ntchentche zikumutsata, anzake akumuthawa chifukwa cha fungo. Makolo anatopa naye, amati n'chibadwa ndipo adzasiya akakula. Chithandizo chake n'chodziwika. Mayi amapota kansalu koyera kofewa kapena pepala lolimba lopukutira kukhala kachingwe, amalowetsa m'khutu, kakanyowa amachotsa n'kuikamo kena mpaka katuluke kouma, katatu pa tsiku, kenako amadontheza mankhwala a siprofulokisasini kwa masiku 14. Madzi asalowe posamba, ndipo mwana asasambire m'dambo. Kudontheza pa mafinya osapukuta n'kutaya mankhwala, ndiye namwino ayenera kuonetsa mayi ndi manja ake kamodzi, osangonena pakamwa. Botolo la madonthowa likasowa pakiliniki, mwana amangopatsidwa amokisilini mobwerezabwereza, zimene sizichiza khutu lokhalitsa. Mwana wotere ayeneranso kuyezedwa kachilombo ka HIV ndi kuonedwa ngati sakunyentchera. Ndipo amene mafinya ake akununkha kwambiri, osasiya ngakhale apukutidwe ndi kudonthezedwa bwino, atumizidwe kwa katswiri asanatupe, chifukwa nthawi zina m'katimo mumamera khungu limene limadya fupa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala aliwonse salichotsa.

Katemera wathandiza, ndipo ndikuyamikira. Wa chibayo, amene dziko lino linayamba kupereka mu 2013, ndi uja wa matenda asanu, operekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, amalimbana ndi tina mwa tizilombo tomwe timalowa m'khutu. Koma satseka njira zonse, ndipo utsi wa m'khitchini momwe mwana amakhala pamsana pa mayi ake ukupitirizabe kumupatsa chimfine.

Ku midzi uthenga wofunika ndi waufupi, ndipo ndi umene sunafikebe. Anthu kuno akaona chotupa amaganiza za chithupsa, ndipo chithupsa timadikira kuti chipse, kapena timachiotcha ndi kansalu kotentha, kapena timapita nacho kwa a sing'anga kukatemera mphini. Ndaonapo mwana atafika ndi mphini zatsopano pa chotupa chenichenicho, zitapakidwa mankhwala akuda. Makolowo sanachite zimenezi chifukwa chosakonda mwana. Palibe amene anawauzapo kuti pansi pa khungu limenelo pali fupa loyandikana ndi ubongo. Auzidwe kuti mafinya akasiya kutuluka koma thupi likutenthabe ndipo kuseri kwa khutu kwayamba kutupa, mwana sanachire, mafinyawo atsekeredwa. Auzidwe kuti asalowetsemo nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, mafuta kapena madzi a masamba. Auzidwenso kuti mwana amene akumwa kale mankhwala a kukiliniki akatupa, asadikire kuti botolo lithe kapena tsiku lobwerera lifike.

Amene angafikitse mawuwa alipo kale. Makomiti a zaumoyo a m'midzi amakumana, anthu amamvera Breeze FM ndi Radio Maria m'chinenero chathu, ndipo a sing'anga ambiri amavomera kutumiza wodwala mukawalemekeza n'kuwafotokozera bwino. Kuno ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambiki amasonkhana pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mukapempha kudzera m'njira yake, a Mbang'ombe, a Kawaza, a Kathumba ndi a Pembamoyo angauze a nyakwawa awo, ndipo nyakwawa ikanena kuti ngolo ya uje inyamule mwana usiku uno, ngoloyo imanyamuka. Chithunzi chimodzi cha mwana woonedwa chakumbuyo, khutu limodzi litaimirira, chitapachikidwa pa khonde la kiliniki iliyonse pomwe amayi amadikirira sikelo, chingaphunzitse ngakhale wosadziwa kuwerenga.

Chomaliza, Bwana Mkulu, ndikupempha kuti muwerengetse. Zipatala zazikulu za maboma atatuwa zitsegule mafayilo a chaka chathachi ndi kuona ana angati anagonekedwa ndi matendawa, angati anali ataonedwa kale pakiliniki n'kubwezedwa ndi mankhwala akumwa, angati anafika atabayidwa jakisoni woyamba, ndiponso panapita masiku angati kuchokera pamene chotupa chinaoneka. Pa ana amene anamwalira ndi matenda oumitsa khosi, afufuze angati anali ndi khutu lotuluka mafinya, chifukwa imfa zoterezi zimalembedwa pa dzina la matenda omaliza ndipo khutu limaiwalika. Ana amene anachira aitanidwe kudzayezedwa kumva asanayambe sukulu. Ndikupempha kuti kalata yanu yopita kumakiliniki ituluke mvula isanayambe, misewu ya ku Vubwi ndi ya kumalire ikadali yodutsika, ndipo kope lake lifikenso kwa makomiti a zaumoyo a m'midzi kuti nafenso tizitha kufunsa pakiliniki ngati jakisoniyo alipo.

Ine wanu mwaulemu,

Kilinikala ofisa wopuma ntchito,
Mkaika, Katete